Chikalata chopita kwa atolankhani: nkhani yonse ikhale m'mutu

Mukatsegula The Nation kapena The Daily Times mkati mwa sabata, simulephera kupeza tsamba limene kampani kapena bungwe laikapo uthenga wake wonse, chizindikiro chake chili pamwamba, dzina la bwana lili pansi. Malo amenewo ndi ogula. Walipira amalemba zimene akufuna, ndipo owerenga ambiri amangodumphapo kuthamangira tsamba la mpira. Koma m'nyuzipepala yomweyo, pa tsamba la zamalonda, mumapezekanso nkhani yolembedwa ndi mtolankhani, yonena kuti kampani yakuti yayamba kupanga chinthu chakuti. Malo amenewo sagula. Kawirikawiri nkhani yotere imayambira pa pepala limodzi lokha limene kampaniyo inalemba n'kutumiza kwa akonzi, kuwauza kuti kwachitika chinthu chimene owerenga awo angafune kumva. Pepala limenelo ndilo chikalata chopita kwa atolankhani.

Mwambo wake si wa dzulo. Ambiri amati unayamba mu 1906 ku Amereka, sitima ya pamtunda itagwera m'madzi ku Atlantic City n'kupha anthu oposa 50. Ivy Lee, amene ankalankhulira kampani ya Pennsylvania Railroad, analangiza mabwana ake kuti m'malo mobisa, alembe okha zimene zachitika n'kupatsa atolankhani. Chikalatacho chinabadwira pa ngozi, osati pa malonda, ndipo mpaka lero chimayenda bwino chikalembedwa ngati nkhani. Chikalembedwa ngati kutsatsa malonda, mkonzi amachitumiza ku ofesi yogulitsa malo m'nyuzipepala, ndipo tsiku lotsatira mwini kampani amalandira foni yomuuza mtengo wa theka la tsamba.

Kuti tione bwino mmene zimakhalira, tiyerekeze kampani yaing'ono ya ku Mchinji, ya antchito 9, imene yakhala ikugulitsa mtedza wokazinga ndi chiponde cha m'mabotolo. Kampaniyi ndi yongopeka, manambala akenso ndi ongoyerekeza, koma mavuto ake ndi amene aliyense wolemba chikalata chotere amakumana nawo. Mwini wake, mayi wina wochangamuka, waona kuti anthu ambiri amalinyamula botolo la magalamu 400 la K4,500, kuliyang'ana mtengo, n'kulibwezera pashelefu. Ndiye wagula makina otsekera timapaketi, ndipo kuyambira Lolemba pa 2 Juni ayamba kugulitsa chiponde m'timapaketi ta magalamu 40 pa K500. Mtedza amagula kwa alimi 120 a m'makalabu ozungulira. Ndalama yogulira tsamba alibe. Chimene ali nacho ndi nkhani, ngati angaipeze.

Mutu woyamba umene amalemba, monga amachitira pafupifupi aliyense, ndi wakuti: "Chidziwitso chofunika kwa anthu onse". Umenewu si mutu, ndi chikwangwani cha pa khomo la ofesi. Ungakhale pamwamba pa uthenga wa maliro, wa kuzima kwa magetsi, kapena wa mbuzi yosowa. Mkonzi amene m'mawa umenewo walandira mauthenga ambirimbiri saona chifukwa chotsegulira. Mayiyo amayesanso: "Kampani yathu ndi yonyadira kulengeza katundu watsopano wapamwamba zedi". Apa mawu achuluka koma nkhani palibe. Chimene taphunzirapo n'chakuti kampaniyo ikunyadira, ndipo kunyada kwa mwini katundu sikunadabwitsepo munthu. Katunduyo sanatchulidwe. Mawu akuti "wapamwamba" ndi chiweruzo cha mwini wake, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno: aliyense amayamikira chake, mkonzi amadziwa zimenezo.

Pali chitsanzo chotchuka chimene chimathandiza pano, ngakhale kuti ndi cha kampani yaikulu. Pa 23 Okutobala 2001 kampani ya Apple inatulutsa chikalata cholengeza kachipangizo koimbira nyimbo kotchedwa iPod. Mutu wake waukulu unali wa mawu atatu okha, wongonena kuti Apple yabweretsa iPod. Mzere wachiwiri ndi umene unanyamula nkhani: kachipangizoka kakuika nyimbo 1,000 m'thumba mwanu. Akadatha kuyamba ndi kukula kwa chosungiramo zinthu cha m'katimo, magigabaiti 5, koma ndi angati amene akadamva? Nyimbo 1,000 m'thumba aliyense anaziona m'maso. M'munsi mwake anatchula mtengo, madola 399, ndi tsiku loyamba kugulitsa, 10 Novembala.

Chimene kampani ya ku Mchinji iyenera kuona pa chitsanzochi n'chakuti mutu waukulu uja unagwira ntchito chifukwa dzina la Apple palokha linali kale nkhani. Kampani yaing'ono ilibe mwayi umenewo. Dzina lake mkonzi wa ku Blantyre sanalimvepo, ndipo likakhala koyambirira kwa mutu limangodya malo. Choncho wamng'ono ayenera kutenga mzere wachiwiri uja, wonena chimene chasintha kwa wogula, n'kuusandutsa mutu. Dzina la kampani lidikire m'ndime yoyamba.

Nanga kwa wogula chiponde chasintha n'chiyani? Chiponde si chatsopano. Agogo athu ankasinja mu mtondo. Makina atsopanowo wogula sakuwafuna. Chasintha n'chakuti munthu amene ali ndi K500 m'manja, amene dzulo sakadatha kugula, lero atha. Mutu wachitatu ukhoza kukhala wotere: "Kampani ya ku Mchinji iyamba kugulitsa chiponde cha K500 m'timapaketi pa 2 Juni". Werengani mutu umenewu nokha, muphimbe zonse zili pansi pake. Mwadziwa amene akuchita, chimene akuchita, mtengo ndi tsiku. Ngakhale mkonzi atataya pepala lonse n'kusunga mzere umodziwu, nkhani yafika. Amenewo ndiwo mayeso a mutu: kodi mungauze mnzanu pa minibasi mawu amenewo okha, iye n'kumva popanda kufunsa kuti "ndiye kuti chiyani?"

Mu mutuwu muli mneni wochita ntchito, "iyamba kugulitsa". Mitu yofooka nthawi zambiri imakhala yopanda mneni, monga "Kukhazikitsidwa kwa chiponde chatsopano", ndipo imamveka ngati mutu wa lipoti la msonkhano. Mulinso nambala imodzi yolimba. Ndikuti imodzi chifukwa mwini kampani amalakalaka kulowetsamo zonse: magalamu 40, alimi 120, antchito 9, maboma atatu. Mutu wa manambala anayi suwerengeka. Enawo ali ndi malo awo m'munsi.

Komabe si mkonzi aliyense amene angakopeke ndi K500. Wa tsamba la zaulimi, kapena wa wailesi ya Mudzi Wathu ya ku Mchinji komweko, amene omvera ake ambiri ndi alimi, nkhani kwa iye ndi msika wa mtedza. Kwa ameneyo mutu ungasinthe: "Alimi 120 a mtedza ku Mchinji apeza msika wa chiponde cha m'timapaketi". Mfundo ndi zomwezo, palibe bodza lawonjezeredwa, koma khomo lolowera lasintha. Kutumiza mitu iwiri kwa akonzi awiri si chinyengo. Chinyengo chingakhalepo ngati alimi 120 aja akhala akugulitsa kale mtedza wawo wonse ku kampaniyo ndipo palibe chimene chiwonjezereke. Pamenepo mawu akuti "apeza msika" ndi onama, ndipo alimi omwewo ndiwo adzayamba kuseka akamva pa wailesi.

Mutu ukapezeka, ndime yoyamba sivutanso, chifukwa imangoufutukula. Imayamba ndi malo ndi tsiku, kenaka chiganizo chimodzi kapena ziwiri zoyankha kuti ndani, chiyani, liti, kuti. Ya mayi wathu ingamveke motere: "MCHINJI, 28 Meyi. Kampani yakuti, imene imapanga chiponde ku Mchinji, iyamba kugulitsa chiponde m'timapaketi ta magalamu 40 pa mtengo wa K500 kuyambira Lolemba pa 2 Juni, m'magolosale a ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe. Mpaka pano kampaniyi imagulitsa chiponde m'mabotolo a magalamu 400 okha, pa K4,500." Chiganizo chachiwiricho musachione mopepuka. Ndicho chikuonetsa kuti chasintha n'chiyani, pakuti chatsopano chimaoneka chikaima pafupi ndi chakale.

Pano pali mwambo wathu umene umatipinga. Ife polankhula pagulu sitiyamba ndi nkhani. Timayamba ndi kulonjera, kuthokoza a mfumu, kukumbutsa kumene tachokera, ndipo chimene tabwerera chimatuluka kumapeto, anthu atakhazikika. Pa bwalo ndi ulemu, ndipo ine sindingafune kuti zithe. Koma chikalatachi chimalembedwa chadodolido: chachikulu pamwamba, chocheperako pansi pake, chimene chingatayidwe kumapeto kwenikweni. Chifukwa chake n'chapafupi. Mkonzi akachepekedwa malo amadula kuchokera pansi. Mbiri ya mmene kampani inayambira ndi lichero limodzi la mtedza ikakhala pamwamba, mtengo ndi tsiku zili pansi, lumo lidzadya mtengo ndi tsiku, kapena mkonzi adzatopa asanazipeze.

Tsopano tibwerere ku manambala aja, chifukwa muli msampha. Mayiyo angafune kulemba kuti timapaketi ndi "totsika mtengo". Mtolankhani wakhama atenga cholembera: timapaketi 10 ta magalamu 40 tikwana magalamu 400, ndipo mtengo wake ndi K5,000. Botolo la magalamu 400 lomwelo ndi K4,500. Ndiye kuti pa galamu, kapaketi n'kodula kuposa botolo. Palibe cholakwika pamenepo. Shuga ndi mafuta ophikira oyezera pang'onopang'ono pa msika amadulanso motero, ndipo anthu amagula chifukwa ndi ndalama imene ali nayo tsiku limenelo. Koma chikalata chikanena kuti "chotsika mtengo", chanama, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula onamizidwa potsatsa malonda. Chonena choona n'chakuti tsopano munthu atha kugula chiponde ndi K500. Mawu amenewo ndi okwanira, ndipo palibe amene angawatsutse.

Chimodzimodzi ndi mawu akuti "koyamba m'Malawi". Ndi okoma mu mutu, ndipo akonzi amawakonda akakhala oona. Koma mwayenda m'masitolo onse a ku Mzuzu ndi ku Limbe? Ngati simunayende, musalembe. Wina akangoimba foni kunena kuti iye wakhala akugulitsa zomwezo zaka zitatu, mkonzi amene anakukhulupirirani ndiye amachita manyazi, ndipo chikalata chanu chotsatira sadzachitsegula.

Pa chiponde pali msampha wina umene ndi wa kwathu kuno. Dzina lomweli ndi limene anthu amatchulira chakudya chapadera chimene a chipatala amapatsa ana onyentchera, ndipo nachonso chimabwera m'timapaketi. Chimenecho ndi chithandizo cha kuchipatala, chosakanizidwa ndi mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini pa muyeso wake. Cha kampani ya ku Mchinji ndi chopaka pa buledi ndi chothira m'phala. Chikalata chabwino chinene zimenezo poyera m'chiganizo chimodzi, ndipo chisayerekeze n'komwe kunena kuti chimachiza kapena kupewa matenda. Mayi amene mwana wake akudwala akamva pa wailesi kuti chiponde cha m'timapaketi chikupezeka pa golosale, akhoza kugula m'malo mopita ku sikelo. Cholakwika chotere sichikonzeka ndi kupepesa pa tsamba lachiwiri.

Ndiponso aliyense wolemba za mtedza amadziwa za chuku, nkhungu imene imagwira mtedza wosauma bwino n'kusiyamo poizoni. Mtolankhani adzafunsa ndithu ngati chipondecho chinayezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Ngati chiphaso chilipo, chitchulidwe m'ndime yachiwiri kapena yachitatu, pakuti chimayankha funso lisanafunsidwe. Ngati mwangopereka pempho ndipo mukudikira, musalembe kuti "chovomerezeka". Kunena zoona, ngati chiphaso sichinatuluke, funso lenileni si la mawu oti mulembe, koma ngati nthawi yotumiza chikalata yakwana.

Pambuyo pa mfundo pamabwera mawu a mwini kampani, oikidwa m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi iye akulankhula. Apa ndi pamene zikalata zambiri zimafera. "Ndife okondwa kwambiri ndi chitukuko chimenechi" ndi mawu amene mtolankhani sangagwiritse ntchito, chifukwa angawanene aliyense pa chilichonse. Mawu a mwini ayenera kunena chimene manambala sanganene: chifukwa chake. Mayi wathu akadanena motere: "Ndinkaima m'golosale n'kumaona amayi akunyamula botolo, kuyang'ana mtengo, n'kulibweza. Sikuti sankachifuna chiponde, koma K4,500 pa tsiku limodzi analibe." Mawu otere amamveka kuti atuluka m'kamwa mwa munthu. Mtolankhani amawatenga momwe alili, ndipo wa pa wailesi amaimba foni kuti mwini wake awanenenso yekha. Njira yowapezera ndi yosavuta: wina amufunse mwini kampaniyo pakamwa kuti anaganiza bwanji zimenezi, n'kulemba zimene wayankha asanayambe kuzikometsera. Ngati mukufuna kuikamo mawu a mlimi kapena a mwini golosale, akhale amene iye wanenadi, ndipo avomere kuti dzina lake lituluke.

Zotsala n'zachidule. Ndime imodzi yonena za kampani: inayamba liti, ili kuti, ili ndi antchito angati. Kenaka dzina, nambala ya foni ndi imelo ya munthu woyankha mafunso. Ena amaika chizindikiro cha ### pansi posonyeza kuti chikalata chathera pamenepo. Zonse zikwane tsamba limodzi, mawu 300 kapena 400. Chikapitirira, kawirikawiri ndiye kuti muli nkhani ziwiri, kapena mulibe ngakhale imodzi.

Katumizidwe kamaononga zikalata zambiri zolembedwa bwino. Pali chizolowezi chosindikiza chikalata, kusainira, kudinda chidindo, kenaka kuchijambula ndi foni n'kutumiza chithunzicho. Chimaoneka chaulemu, koma mtolankhani sangakopere mawu m'chithunzi. Ayenera kutaipanso zonse, ndipo potaipapo K500 ikhoza kusanduka K5,000. Mawu onse aikidwe m'kati mwa imelo momwemo. Pa mzere wa mutu wa imelo palembedwe mutu wa nkhani uja, osati mawu akuti chikalata chokha, chifukwa mzere umenewo ndi umene mkonzi amaona asanatsegule. Apa ndi pamene ntchito yonse ija yosula mutu imabweza phindu. Zithunzi zipite pazokha, ziwiri kapena zitatu, zazikulu monga zinatulukira mu kamera, pakuti chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa ndipo pa pepala chimatuluka chambuu. Ndipo chithunzi cha mayi wa golosale akupereka kapaketi kwa wogula chimaposa cha anthu asanu atavala masuti ataima pamzere kutsogolo kwa khoma. Maina a onse ali pachithunzi alembedwe, kuyambira kumanzere.

Nyuzipepala zathu zikuluzikulu ndi za Chingerezi, choncho chikalata chimodzi chidzakhala cha Chingerezi. Koma ogula chiponde cha K500 amamvera Zodiak, MBC ndi mawailesi a m'madera, ndipo amawerenga Tamvani ndi Tikambe kumapeto kwa sabata. Cha Chichewa mulembe nokha, musasiyire wina kuti amasulire mothamanga mphindi khumi nkhani zisanayambe. Cha pa wailesi chikhale chachifupi koposa, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo muchiwerenge mokweza musanatumize. Pamene lilime lanu lapunthwa, la muulutsi lidzapunthwanso.

Tumizani m'mawa, masiku atatu kapena asanu tsiku loyamba kugulitsa lisanafike, kwa mtolankhani amene mwaona dzina lake pa nkhani za malonda kapena za ulimi. M'maboma mulinso atolankhani a Malawi News Agency, amene nkhani zawo zimatengedwa ndi nyumba zingapo zofalitsa nkhani, ndipo kwa kampani ya kutali ndi mizinda ikuluikulu amenewo ndiwo ali pafupi. Pewani tsiku limene nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo kapena limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikutuluka. Chiponde sichingalimbane nazo. Mukatumiza, foni imodzi tsiku lotsatira ndi yokwanira. Ndipo wina akakunong'onezani za chipondamthengo, kaenvelopu kamene ena amati kamafewetsa cholembera, dziwani kuti malamulo a ntchito ya utolankhani amakana zimenezo, ndipo atolankhani ambiri amanyansidwa nazo. Mwa maganizo anga, kampani imene yagula nkhani kamodzi yadziikira yokha mtengo umene idzalipira nthawi zonse.

Muyenera kudziwanso malire a chida chimenechi. Chikalata chikachoka m'manja mwanu, nkhaniyo si yanunso. Mkonzi akhoza kusintha mutu, kudula mawu a mwini kampani, kufunsa maganizo a kampani ina yopikisana nanu, kapena kungoika ziganizo zitatu m'ngodya ya tsamba. Akhozanso osatulutsa kalikonse, ndipo sakakamizidwa kukuuzani chifukwa. Wofuna kuti mawu ake atuluke onse, pa tsiku limene wasankha, agule tsamba lija tinayamba nalo. Mukatumiza kwa anthu khumi osamva kanthu kwa aliyense, musathamangire kunena kuti atolankhani ndi odzikonda. Bwererani ku mutu, muuwerenge nokha ngati mlendo, muone ngati ukunena chimene chachitika.

Koma tiyerekeze kuti zayenda. Lachinayi masana mtolankhani waimba pa nambala ija, akufuna kudziwa kuti makina amatulutsa timapaketi tingati pa tsiku ndi kuti alimi amalipidwa zingati pa kilogalamu, ndipo tsamba lake likutsekedwa madzulo omwewo. Foni ikakhala yozima, kapena woyankha akanena kuti adikire abwana abwere Lolemba, malowo amapita kwa wina. Choncho nambala yolembedwa pa chikalata ikhale ya munthu amene ali ndi mayankho ndi chilolezo cholankhula, ndipo manambala onse akhale nawo papepala pafupi. Chomaliza choti mayi wa ku Mchinji atsimikize asanadine batani lotumizira n'chakuti makatoni afikadi. Mutu wanena 2 Juni, ndime yoyamba yanena Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe. M'mawa wa Lolemba limenelo munthu wina ku Kasungu adzalowa m'golosale ndi K500 yake n'kufunsa chiponde chimene anamva pa wailesi, ndipo mwini golosale ayenera kukhala ndi kapaketi koti amupatse.